Webusaiti Ikasamuka, Malinki Ena Amatsalira ku Nyumba Yakale

Pa 1 Januwale 2021, tsiku limene dziko la Britain linamaliza kutuluka m'bungwe la European Union, madomeni oposa 81,000 othera ndi `.eu` anazimitsidwa kamodzin'kamodzi. Eni ake anali anthu ndi makampani a ku Britain, ndipo lamulo linali loti dzina la `.eu` ndi la nzika za m'bungwelo kapena okhala m'mayiko ake. Bungwe la EURid, lomwe limayang'anira mayinawa, linali litachenjezeratu. Tsikulo litakwana, webusaiti kapena imelo iliyonse yodalira mayina oyimitsidwawo inaleka kugwira ntchito. Patapita chaka, pa 3 Januwale 2022, mayina amene eni ake sanawawombole anayamba kuperekedwa kwa aliyense woyenerera amene wayambirira kufika.

Amene anamva chenjezo anali ndi nthawi yokwanira yosamutsira mawebusaiti awo ku `.com` kapena `.co.uk`. Koma kusamutsa mafayilo ndi kwina, kusamutsa malinki ndi kwinanso. Webusaiti imatha kukhala pa dzina latsopano miyezi yambiri, ikuoneka bwinobwino, chonsecho zithunzi zake ikukazitengabe ku dzina lakale popanda mwini wake kudziwa. Chinsinsi chimaululika tsiku limene dzina lakale lafa: m'malo mwa zithunzi mumatsala timabokosi topanda kanthu, zilembo zimasanduka zakuda pa tsamba loyera ngati kalata yotayipa, ndipo ukadina linki, bulawuza imangoti malowo sakupezeka.

Gwero la zonsezi ndi laling'ono kwambiri moti limakwana mu mzere umodzi. Ndi mmene keyala ya chinthu, yomwe akatswiri amaitcha URL, inalembedwera mkati mwa tsamba.

Njira ziwiri zolozera malo

Munthu akamalondolera mlendo amene waima naye pamsika amangoti, "Mukapitirira chigayo mukhotere kumanzere, nyumba yachitatu." Sanena boma, sanena dziko, chifukwa onse awiri akudziwa pamene aima. Koma mawu omwewo atawalemba pa envulopu yochokera ku Joni, kalatayo singafike, pakuti zigayo n'zambiri. Pa envulopu pamafunika keyala yonse. Masamba a pa intaneti nawonso amaloza zinthu m'njira ziwiri zomwezi.

Keyala yathunthu, imene pa kompyuta mudzaiona italembedwa `absolute URL`, imanena zonse: njira yolankhulirana ndi seva, dzina la domeni, ndi pamene fayilo ili. Keyala yachidule, `relative URL`, imasiya mbali yoyambirirayo kuti bulawuza imalize yokha poyang'ana tsamba limene yatsegula. Taonani mizere itatu iyi. Mayina othera ndi `.example` anapatulidwa dala mu 1999 kuti azigwira ntchito ngati zitsanzo, ndipo palibe amene angawagule.

```html
<img src="https://kale.example/zithunzi/munda.jpg">
<img src="/zithunzi/munda.jpg">
<img src="munda.jpg">
```

Mzere woyamba ndi wathunthu. Muutengere kulikonse, udzakatengabe chithunzicho ku `kale.example`. Wachiwiri wayamba ndi kamzere kopendama, ndipo kamzereko kakutanthauza kuti, "yambira pa khomo lalikulu la domeni imene ulipoyi." Wachitatu ulibe ngakhale kamzereko: ukuuza bulawuza kuti iyang'ane mu foda yomweyo imene muli tsamba. Palinso kalembedwe ka madontho awiri, `../`, kouza bulawuza kubwerera foda imodzi m'mbuyo isanayambe kufufuza.

Malamulo omalizitsira keyala yachidule si atsopano. Roy Fielding anawalemba mu chikalata cha RFC 1808 mu Juni 1995, ndipo chimene chimatsatidwa kwambiri masiku ano ndi RFC 3986 ya mu Januwale 2005, yomwe analemba pamodzi ndi Tim Berners-Lee ndi Larry Masinter. Mfundo yake ndi imodzi. Bulawuza imatenga keyala ya tsamba limene yatsegula, n'kudula chilichonse chimene chili kutsogolo kwa kamzere kopendama komaliza, n'kulumikizapo kachidutswa kamene yapatsidwa. Ngati tsamba lili pa `https://kale.example/nkhani/chimanga.html` ndipo m'katimo mwalembedwa `munda.jpg`, bulawuza imataya `chimanga.html` n'kukapempha `https://kale.example/nkhani/munda.jpg`. Siganiza, sifunsa, imangodula ndi kulumikiza.

Apa ndiye kusiyana kwake pa tsiku losamuka kukuonekera kale. Mukanyamula mafayilo onse mmene alili n'kukawaika pa `tsopano.example`, mzere wachiwiri ndi wachitatu umasamuka nawo popanda kuukhudza, chifukwa sunatchule dzina la domeni n'komwe. Woyamba uja umatsalira. Thupi lake lili ku nyumba yatsopano koma chala chikulozabe kwakale.

Vuto losaoneka ndi loopsa kuposa looneka

Tiyerekeze gulu la alimi lomwe lili ndi webusaiti ya nkhani za ulimi, ndipo lasintha dzina. Lagula domeni yatsopano, katswiri wasamutsa zonse, tcheyamani watsegula pa foni yake n'kuona kuti zithunzi zilipo, mitundu ilipo, malinki akugwira. Katswiri walandira ndalama zake, wapita.

Chimene tcheyamani sangaone ndi maso n'chakuti seva yakale ikadali yoyaka, popeza analipira chaka chathunthu ndipo chakacho sichinathe. Tsamba likuchokera ku `tsopano.example`, koma chithunzi chilichonse chokhala ndi keyala yathunthu chikuchokera ku `kale.example`. Bulawuza sidandaula, pakuti kutenga chithunzi ku domeni ina n'kololedwa ndipo kumachitika tsiku ndi tsiku. Owerenga ena akadina linki ya m'kati mwa nkhani amapezeka abwerera ku webusaiti yakale osazindikira, n'kumawerenga mitengo ya mbewu ya chaka chatha. Ena amalemba fomu yofunsira thandizo, uthengawo n'kukagwera mu seva imene palibe akuitsegulanso.

N'chifukwa chake kuyesa webusaiti yatsopano pamene yakale ikadali moyo n'kudzinamiza. Njira yabwino ndiyo kuipha yakaleyo mongoyerekeza, pa kompyuta imodzi yokha. Kompyuta iliyonse ili ndi kafayilo kotchedwa `hosts`, komwe imayamba yayang'anamo isanafunse pa intaneti kuti dzina lakutilakuti lili kuti. Pa Windows kali mu `C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts`, pa Linux ndi macOS kali pa `/etc/hosts`. Munthu amawonjezeramo mizere iwiri:

```
127.0.0.1  kale.example
127.0.0.1  www.kale.example
```

Nambala imeneyi imatanthauza kompyuta yomweyo, choncho pempho lililonse lopita ku dzina lakale limangogunda khoma. Akatero, achotse zimene bulawuza inasunga, atsegule webusaiti yatsopano. Chilichonse chimene chasowa n'chimene chikanadzasowa kwa anthu onse miyezi ingapo kutsogoloku. Amene sakufuna kukhudza kafayiloko akhoza kudina `F12`, n'kusankha `Network`, n'kutsegulanso tsamba. Pamatuluka mndandanda wa fayilo iliyonse imene tsambalo lapempha ndi domeni imene yachokera. Dzina lakale likangoonekapo, ndiye kuti ntchito sinathe.

Keyala yachidule nayonso ili ndi misampha yake

Wina angaganize kuti mankhwala ake n'kungolemba zonse mwachidule basi. Ayi ndithu. Keyala yachidule siopa kusintha kwa domeni, koma imaopa kusintha kwa mafoda, ndipo kawirikawiri ziwirizi zimabwera tsiku limodzi, chifukwa munthu akamasamuka ndi pomwenso amafuna kukonza kakhalidwe ka zinthu.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha GitHub Pages, malo amene ophunzira ndi olemba mapulogalamu ambiri amaikapo mawebusaiti awo kwaulere. Webusaiti ya pulojekiti kumeneko imakhala mu foda, mwachitsanzo `dzina.github.io/ulimi/`. Kuti fayilo yokongoletsa masamba ipezeke, mwini wake amalemba `/ulimi/style.css`. Tsiku limene wagula domeni yakeyake, foda ya `ulimi` ija imachoka mu keyala, webusaiti imakhala pa khomo lenileni. Koma mzere uja ukadali kufuna foda yotchedwa `ulimi`, yomwe kulibenso. Seva imayankha `404`, kutanthauza kuti chinthucho sichinapezeke, ndipo tsamba limatuluka lili mbuu, lopanda mtundu kapena dongosolo. Wosamuka mobwerera, kuchoka pa khomo kulowa mu foda, amagwa mu dzenje lomwelo: `/style.css` imakafufuzidwa pamwamba, pomwe fayiloyo ili chipinda cham'kati.

Msampha wachiwiri ndi waung'ono ngati nsabwe. Ma seva ena amamaliza keyala ya tsamba ndi kamzere kopendama, ena samatero. Kwa munthu, `/nkhani/chimanga/` ndi `/nkhani/chimanga` n'chimodzimodzi. Kwa bulawuza, yomwe imadulira pa kamzere komaliza, ndi malo awiri osiyana. Pa yoyambayo, `munda.jpg` imasanduka `/nkhani/chimanga/munda.jpg`. Pa yachiwiriyo imasanduka `/nkhani/munda.jpg`. Palibe amene wasintha chilembo mu tsambalo, palibe fayilo imene yachotsedwa, koma chithunzi chasowa chifukwa seva yatsopano ili ndi chizolowezi china.

Palinso mfundo imene imasokoneza ngakhale odziwa ntchito: keyala yachidule yolembedwa m'kati mwa fayilo ya CSS imawerengedwa kuchokera pamene pali fayilo ya CSS yomweyo, osati pamene pali tsamba. Mukasuntha fayiloyo kuichotsa mu foda ina kuiika mu ina, zithunzi zakumbuyo ndi mitundu ya zilembo imene imaitana zimasochera, ngakhale masamba onse ali pamalo pake.

Pa mitundu itatu ija, umene umapirira bwino kusamuka kwa domeni ndi wachiwiri, woyamba ndi kamzere kopendama. Sutchula domeni, ndiponso sudalira kuti tsamba lili mu foda iti. Bola webusaiti ichoke pa khomo lalikulu kupita pa khomo lalikulu linzake, umagwira ntchito osakhudzidwa.

Chifukwa chake WordPress imavuta

Gulu la alimi lija mwina silinalembepo mzere uliwonse wa HTML. Monga mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi, yawo ikuyendera WordPress, pulogalamu imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003. Ndipo WordPress imakonda keyala yathunthu. Mlembi akaika chithunzi mu nkhani, pulogalamuyo imalemba keyala yonse, ndi dzina la domeni lomwe, n'kuisunga mu detabesi pamodzi ndi mawu a nkhaniyo. Nkhani zikakhala mazana, dzina lakale limakhala litamwazika malo zikwi.

Poyamba pali mabokosi awiri pa tsamba la `Settings`, gawo la `General`, olembedwa `WordPress Address (URL)` ndi `Site Address (URL)`. Mu detabesi amasungidwa ngati `siteurl` ndi `home`. Kusintha awiriwa kumakonza malinki amene WordPress imapanga yokha nthawi imene tsamba likutsegulidwa, monga mitu ya nkhani pa tsamba loyamba. Sikukhudza zimene zinalembedwa kale m'kati mwa nkhani. Ambiri amalekera pamenepa, chifukwa tsamba loyamba limaoneka kuti lili bwino.

Chotsatira chake n'chodziwikiratu: kufufuza dzina lakale mu detabesi yonse n'kuikamo latsopano. Koma amene amangotsegula fayilo ya detabesi mu pulogalamu yolembera n'kusintha zonse ndi batani limodzi amadzidzimuka. Nkhani zimakhala bwino, koma chizindikiro cha bungwe chasowa pamwamba, timabokosi ta m'mbali tapita, mitundu imene anasankha yabwerera mwakale. Chifukwa chake chili mu njira imene chilankhulo cha PHP chimasungira zinthu zina. Chimalemba mawu pamodzi ndi chiwerengero cha zilembo zake:

```
s:29:"https://kale.example/logo.png";
```

Werengani zilembo za m'kati mwa timikodolato, mupeza 29. Mukasintha `kale` kukhala `tsopano`, zilembo zimakwana 32, koma nambala ija imatsala 29. PHP ikafika pa chilembo cha 29 imayembekeza kupeza mapeto, siwapeza, ndipo imakana chidutswa chonsecho ngati chowonongeka. Pamodzi ndi keyala imodzi imene munafuna kukonza, mwataya zonse zimene zinasungidwa nayo limodzi. Chosautsa n'chakuti mayina awiriwo akangochitika kuti ndi ofanana kutalika, vutoli silioneka, ndipo katswiri amene zinamuyenderapo mwamwayi amadzabwereza njira yomweyo kwa kasitomala wina.

Chida choyenera chimamasula kaye chidutswa chotere, kusintha mawu, kuwerenganso zilembo, n'kumanganso. Chodziwika kwambiri ndi WP-CLI:

```
wp search-replace '//kale.example' '//tsopano.example' --skip-columns=guid --dry-run
```

Chilichonse mu mzerewu chili ndi chifukwa chake. Mawu omaliza, `--dry-run`, akuuza chidacho kuti chingowerenga malo amene chikanasintha, osasintha kanthu. Munthu akaona kuti chiwerengerocho n'chomveka, amasunga kaye kope la detabesi yonse pambali, kenako n'kubwereza lamulolo atachotsa mawuwo. Timizere tiwiri tapatsogolo pa dzina tikugwira ntchito ziwiri: tikukola `http://` ndi `https://` nthawi imodzi, komanso tikuteteza ma imelo. Popanda ito, `ofesi@kale.example` ikanasanduka `ofesi@tsopano.example`, bokosi limene mwina silinatsegulidwe n'komwe. Gawo la `guid` limasiyidwa dala. Likuoneka ngati keyala, koma ntchito yake ndi ya chiphaso: mapulogalamu olandira nkhani kudzera mu RSS amaligwiritsa ntchito podziwa nkhani zimene awonetsa kale, ndipo likasintha amatha kutenga nkhani zonse zakale ngati zatsopano.

Lamulo limodzi silikwanira. Liyenera kubwerezedwa pa `//www.kale.example`, ndiponso pa kalembedwe kena kamene mapulogalamu ena okonzera masamba amasunga, `https:\/\/kale.example`, komwe timizere topendamira kumbuyo timabisa dzinalo kwa ofufuza. Pomaliza pali mafayilo amene sali mu detabesi, omwe wina analembamo dzina la domeni ndi dzanja zaka zapitazo. Amenewo amapezeka ndi lamulo lina:

```
grep -rn "kale.example" wp-content/
```

Kuti kusintha mawu mwachisawawa n'koopsa sanaone ang'onoang'ono okha. Mu Epulo 2024, pamene Twitter inali pakati posamukira ku dzina la X, pulogalamu yake ya pa iPhone inayamba kusintha `twitter.com` kukhala `x.com` m'mawu a mauthenga a anthu, osayang'ana zimene zili kutsogolo kwake. Zotsatira zake, linki ya `fedetwitter.com` inkaoneka pa sikirini ngati `fedex.com`, ndipo `netflitwitter.com` ngati `netflix.com`, koma wodina ankapita ku dzina lenilenilo. Anthu anathamangira kulembetsa mayina oterowo, ena n'cholinga chowatseka akuba asanawatenge. Mtolankhani wa zachitetezo cha pa intaneti Brian Krebs analemba za nkhaniyi, ndipo kampaniyo inakonza cholakwikacho. Kusamuka kwenikweni kupita ku `x.com` kunalengezedwa mwezi wotsatira, pa 17 Meyi.

Pamene chidule sichiloledwa

Funso lothandiza posankha kalembedwe ndi lakuti: adzawerenge keyalayi ndani, ataima pati? Ngati ndi bulawuza imene ili kale pa tsamba lanu, chidule chimakwana. Ngati ndi wina amene ali kunja, akufunika keyala yonse.

Akunjawo ndi ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Linki yoikidwa mu imelo ilibe tsamba loti idalire, choncho `/nkhani/chimanga` mu kalata yopita kwa mamembala siipita kulikonse. Kachithunzi kamene kamatuluka munthu akatumiza linki pa WhatsApp kapena Facebook kamachokera pa mzere wotchedwa `og:image`, ndipo pamenepo pamafunika keyala yathunthu. Fayilo ya `sitemap.xml`, yomwe imauza Google ndi Bing masamba onse amene alipo, malamulo ake amafuna makeyala athunthu okhaokha. Mwa onsewa, wofunika kuuyang'anitsitsa ndi uwu:

```html
<link rel="canonical" href="https://kale.example/nkhani/chimanga/">
```

Mzerewu umauza makina ofufuzira kuti, "ngati mwapeza nkhaniyi pa makeyala angapo, yeniyeni ndi iyi." Google imalangiza kuti ulembedwe wathunthu. Ukatsalira ndi dzina lakale, tsamba lililonse la webusaiti yatsopano limakhala likudzikana lokha, kunena kuti ilo ndi kope chabe, mwini nkhani ali ku domeni yakale. Owerenga saona kanthu, chifukwa mzerewu suoneka pa sikirini. Mwini webusaiti amangodabwa kuti masabata akupita koma dzina latsopano silikutuluka bwino anthu akafufuza. Kuti auone, atsegule tsamba, adine `Ctrl+U`, afufuze mawu oti `canonical`.

Choncho nzeru sili pa kuthetsa makeyala athunthu. Ili pa kuonetsetsa kuti dzina la domeni lalembedwa pamalo amodzi okha, ndipo pulogalamu ikulitenga pamenepo nthawi iliyonse ikafuna kupanga keyala yathunthu. Webusaiti yomangidwa chonchi imasamuka posintha mzere umodzi. Yomwe dzina lake linatayipidwa ndi dzanja apa ndi apo imadya masiku.

Malinki amene simungawafikire

Pali gulu lina la makeyala athunthu limene palibe lamulo lingawasinthe, chifukwa sali m'manja mwanu. Ali m'nkhani za manyuzipepala zimene zinakutchulani, m'mauthenga akale a pa WhatsApp, pa makadi a bizinesi, pa chikwangwani cha pamsewu. Linki iliyonse yochokera ku webusaiti ina ndi yathunthu, singachitire mwina. Kwa amenewa njira ndi imodzi: domeni yakale ikhalebe yamoyo, ndipo aliyense wofikako azitumizidwa ku keyala yatsopano ndi yankho la `301`, lomwe limatanthauza kuti chinthuchi chinasamuka mpaka kalekale. Pa seva ya Nginx ndi mzere umodzi:

```
return 301 https://tsopano.example$request_uri;
```

Kachidutswa ka `$request_uri` ndiko kofunika. Kamanyamula mbali yotsala ya keyala, kuti amene amafuna nkhani ya chimanga akafike pa nkhani ya chimanga. Ulesi wofala ndi wotumiza aliyense ku tsamba loyamba. Wowerenga amasochera, ndipo Google imatha kuwatenga masamba otero ngati osapezeka, mbiri imene anali nayo n'kutayika. Ngati mafoda asinthanso, pamafunika mndandanda wa keyala yakale iliyonse ndi inzake yatsopano. Boma la Britain linachita zimenezi pamlingo waukulu litatsegula GOV.UK pa 17 Okutobala 2012 m'malo mwa Directgov ndi Business Link, kenako n'kusamutsirako mawebusaiti a maunduna ndi nthambi mazana. Makeyala akale oposa miliyoni anapatsidwa kolowera kwatsopano, kuti linki imene munthu anasunga zaka zapitazo isamufikitse pa khoma.

Poyesa, ndi bwino kuyamba ndi `302`, yomwe ndi ya kusamuka kwa kanthawi, chifukwa bulawuza imasunga `301` ndipo imapitiriza kuitsatira ngakhale mwakonza cholakwika. Lamulo la `curl -I` lotsatiridwa ndi keyala yakale limaonetsa nambala imene seva ikuyankha ndi kumene ikutumiza. Zonse zikakhala bwino, eni ake amadziwitsa Google kudzera mu chida cha `Change of Address` mu Search Console. Google imalangiza kusunga kutumizaku kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo. Chinthu chimene chimaiwalika ndi satifiketi ya HTTPS ya domeni yakale. Bulawuza imayamba yaiona satifiketiyo isanamve n'komwe yankho la `301`, choncho ikatha ntchito, mlendo amakumana ndi chenjezo loopsa m'malo motumizidwa. Masatifiketi aulere a Let's Encrypt akhala akuperekedwa a masiku 90, ndiye makina owakonzanso ayenera kusiyidwa akugwira ntchito ku seva yakaleyo.

Kutumizaku kuli ndi kuipa kumodzi: kumabisa ulesi. Chithunzi chokhala ndi keyala yakale chimaonekabe, kungoti bulawuza imayamba yapita kwakale, kuuzidwa kuti zinasamuka, n'kubwerera. Tsamba la zithunzi zambiri limayenda maulendo owonjezera ambiri, ndipo pa netiweki yofooka kuchedwako kumamveka. N'chifukwa chake kuyesa ndi fayilo ya `hosts` kuja kumafunikabe ngakhale `301` ikugwira bwino.

Nanga tsiku limene gulu la alimi lidzaone kuti kulipira dzina lakale chaka ndi chaka n'kuwononga ndalama? Domeni ikasiyidwa imabwerera pa msika, ndipo pali anthu amene ntchito yawo n'kugula mayina otha amene akadali ndi malinki. Chithunzi chotsalira chikhoza kusanduka chithunzi chilichonse chimene mwini watsopano wafuna. Choopsa kwambiri ndi mzere wa `<script>` wolozabe kwakale, chifukwa umapatsa mlendoyo mphamvu yoyendetsa pulogalamu yake m'kati mwa tsamba lanu, pamaso pa owerenga anu. Mmene zimakhalira zinaoneka ndi `polyfill.io`, domeni imene mawebusaiti ambiri ankatengako kapulogalamu kothandiza mabulawuza akale. Inagulitsidwa kwa kampani ina mu Febuluwale 2024, ndipo mu Juni chaka chomwecho kampani ya zachitetezo ya Sansec inaulula kuti keyala yomwe ija inayamba kutumiza pulogalamu yokankhira ogwiritsa ntchito mafoni ku masamba a juga. Mawebusaiti oposa 100,000 anali ndi mzerewo m'masamba awo, ndipo mankhwala ake anali oti eni ake aufufuze, auchotse kapena aulozetse kwina.